Masilaidi a kasungidwe ka chimanga ndiwasandutse bwanji mawu oyankhula pamsonkhano?

"Anzanga thandizeni. Alangizi anditumizira masilaidi 18 a kasungidwe ka chimanga, akuti ndikayankhule pamsonkhano wa kopaletivi yathu Loweruka lino. Andipatsa mphindi 15, pulojekita kulibe, tidzakhala pansi pa mtengo. Ndiyambire pati?"

Achimwene, musakawerenge masilaidiwo limodzilimodzi, chonde. Amene amawakonza amakhala mu ofesi, amayamba ndi mayina a tizilombo ndi maperesenti, ndiye nkhani ya kuumitsa amaiponya pa silaidi ya 11 ngati kanthu kakang'ono. Pofika pamenepo theka la anthu likhala likuganiza za mbuzi zimene lasiya kudambo. Chonsecho nkhani yonse yagona pa kuumitsapo. Tengani thumba limodzi la makilogalamu 50, muyende nalo m'mawu anu kuchokera pa mkukwe kumunda mpaka Febuluwale, ndipo silaidi iliyonse imene sikukhudza ulendo wa thumbalo isiyeni.

Maperesenti asandutseni matumba. Ngati silaidi ikuti alimi amataya 10 pa 100 iliyonse, inu nenani kuti amene wakolola matumba 40, anayi adyedwa ndi anankafumbwe iye ali m'nyumba momwemo. Kenako funsani gululo kuti thumba limagulidwa bwanji mu Meyi, nanga mu Januwale. Asiyeni ayankhe okha, mitengo akuidziwa kuposa silaidi.

Mphindi zambiri muthere pa chinyezi, chifukwa apa ndi pamene anthu amalirira. Chimanga chosunga chimafunika chiume mpaka chinyezi chifike cha m'ma 13 peresenti. Zimene zimachitika n'zakuti banja limatonola mu Juni, kunja kuli chiperoni, dzuwa likungosuzumira. Ayanika masiku awiri, aluma njere imodzi, akuti chauma. Athira m'matumba osalowa mpweya aja a PICS, amanga bwinobwino monga anawauzira, matumba 10, chakudya cha chaka chonse. Pofika Novembala atsegula loyamba. Fungo lowatulukira ndi la masese, pulasitiki yam'kati ili ndi thukuta, njere zagwirana m'mibulu, zina zachita bii, zina zachita chuku. Atsegula lachiwiri, chimodzimodzi. Mayi wa pakhomopo amakhala pansi ndi lichero n'kuyamba kusankha njere imodziimodzi kuti mwina apulumutse ndowa imodzi ya ana, enawo akutsegulabe otsalawo. Thumba silinalakwe, linachita ntchito yake yotseka. Linangotsekera madzi m'kati limodzi ndi chimanga.

Ndipo chimene chimandipweteka mtima ndi anthu amene amabwera pa galimoto, kugawa kapena kugulitsa matumbawa, kujambulitsa zithunzi ndi amfumu, n'kumapita osanenapo liwu limodzi la kuumitsa. Zikavunda, mlimi ndiye amatchedwa wosamva. Kenako mudzi wonse umati matumba amakonowa amawoletsa chimanga, n'kubwerera ku zakale. Inuyo Loweruka mukanene zimene iwo ananyalanyaza.

Musangonena, onetsani. Pitani ndi botolo lagalasi louma, mchere wouma bwino, ndi chimanga cha mitundu iwiri, china chouma china chanyontho pang'ono. Thirani chimanga mpaka gawo limodzi mwa magawo atatu a botolo, onjezerani masipuni awiri kapena atatu a mchere, tsekani, khutchumulani kwa mphindi imodzi, muliike pambali kwa mphindi 15. Ndiye chitani zimenezi poyambirira penipeni, muziyankhula zina likudikira, mudzaliyendetse m'manja mwa anthu kumapeto. Mchere ukamatirira m'mbali mwa botolo, chimangacho chibwerere padzuwa. Mcherewo muuyanike kaye kapena muukazinge pang'ono dzulo lake, apo ayi umata ngakhale ndi chimanga chouma, mudzachita manyazi pagulu. Koma auzeninso kuti mchere umangosonyeza chimanga chimene chapitirira cha m'ma 15 peresenti. Choncho ukapanda kumata, aonjezerebe tsiku limodzi kapena awiri a dzuwa lamphamvu, pa mphasa kapena pa lona, osati pa dothi, akuchitakasa, ndipo chizizire kaye pamthunzi asanathire m'thumba. Kopaletivi ngati ili ndi kandalama, kachipangizo koyezera chinyezi kamodzi kakhoza kutumikira mamembala onse.

Kamangidwe ka thumba kaonetseninso ndi manja. Lili ndi mapulasitiki awiri am'kati ndi saka yakunja. Musanathire kanthu, kolani mpweya mu pulasitiki iliyonse, potokolani kukamwa, mufinye. Ikamaphwa ndiye kuti yabooka, musaigwiritse ntchito. Chimanga chipetedwe bwino, chifukwa tizidutswa ta zitsononkho ndi timiyala ndi timene timaboola pulasitiki. Mukathira siyani malo kumtunda, finyani mpweya utuluke, potokolani pulasitiki yoyamba, muipinde, muimange payokha ndi chingwe. Yachiwiri payokha, saka payokha. Anthu ambiri amamanga zonse zitatu pamodzi, mpweya n'kumalowa. Anankafumbwe amafa chifukwa amamaliza okha mpweya umene uli m'katimo, ndiye mankhwala safunika, koma thumba lotsegulidwa sabata iliyonse kuti atapemo za kuchigayo silingaphe kanthu. Chodya miyezi iwiri yoyambirira achiike padera mu saka wamba. Matumbawo asanjidwe pa matabwa kapena pa mitengo, asagunde khoma, ndipo khoswe akangoboola kamodzi basi ntchito yatha.

Za chuku nenani mosabisa, ngakhale ena aipidwe. Poizoni wa aflatoksini amene chuku china chimasiya saphedwa ndi moto. Kuphika nsima, kufulula mowa kapena thobwa, zonsezo sizimuchotsa, ndipo amawononga chiwindi pang'onopang'ono. Kupatsa nkhuku kapena ng'ombe zamkaka chimanga chovunda sikupulumutsa kanthu.

Wina adzaimirira ndithu n'kunena kuti matumbawo ndi odula. Musamutsutse. Muuzeni kuti akalisamala limagwira nyengo ngati zitatu, agawe mtengowo patatu. Amene sangakwanitse agwiritse ntchito mankhwala aufa ngati Actellic, nthawi zambiri magalamu 25 pa thumba la makilogalamu 50, koma atsatire zolembedwa pa botolo lakelo. Asakanize ndi chimanga chotonola pa lona mpaka njere zonse zichite mbuu, osati kungowaza pamwamba pa thumba. Chimanga chosatonola m'nkhokwe ndiye chimakoma kwa nankafumbwe wamkulu uja amene amaboola ngakhale mitengo ya nkhokweyo n'kusiya ufa wokhawokha, makamaka chikakhala cha haibulidi chofewa. Achenjezeni za ogulitsa mankhwala opunguliridwa m'timapepala pamsika, opanda dzina, opanda tsiku lothera mphamvu. Ameneo akudyera alimi masuku pamutu. Mapiritsi ofukizira aja asawaike m'nyumba yogona anthu, mpweya wake umapha.

Ndanena kuti masilaidi muwasiye, komabe ngati muli chithunzi cha chimanga chofumbwa kapena chachuku, kachisindikizeni chachikulu, masamba awiri okha, chiziyenda m'manja. Ndipo mphindi 15 sizikwana zonsezi, ndiye ngati apampando akana kukuonjezerani nthawi, za mankhwala zidikire msonkhano wotsatira, inu mugwire botolo ndi thumba basi. Pempheranitu membala mmodzi wamayi kuti adzamange thumbalo pamaso pa onse inu mukufotokoza, ndipo kabotolo kachiwiri mukatenge kapadera kuopa kuti loyamba lingasweke panjinga.