Macheza a WhatsApp a zaka zisanu: ndisunge kapena ndifufute?

"Foni yanga ili ndi macheza a WhatsApp a zaka zisanu. Ndikuopa kuti wina angawaone, komanso sindikufuna kutaya ena. Nditani?"

Mlongo wanga, tulutsani ochepa amene mukuwafunadi, otsalawo mufufute, ndipo musaiwale kope losungidwa pa intaneti.

Kutulutsa kwake pa Android, tsegulani machezawo, dinani timadontho titatu pamwamba, kenako More ndi Export chat. Mupeza failo ya mawu yomwe aliyense woipeza angathe kuiwerenga popanda loko, choncho musaisiye mu imelo.

Pamene ambiri amaphonya ndi apa: Delete chat imachotsa za m'foni mwanu zokha. Kope lakale limakhalabe ku Google Drive kapena iCloud, ndipo silikhala lobisika kotheratu pokhapokha mutatsegula End-to-end encrypted backup mu Settings, Chats, Chat backup. Mukatha kufufuta, dinani Back up kuti kope latsopano lilowe m'malo mwa lakale. Zithunzi muzionenso mu Gallery, zimatsala.

Ine ndinaphunzira foni yanga itabedwa yosakiya. Zimene zinandisowetsa tulo ndi chithunzi cha chiphaso changa ndi nambala ya akaunti ya kubanki, zomwe ndinatumizira mnzanga kalekale n'kuziiwala. Nayenso ali nazobe, chifukwa Delete for everyone imagwira pa masiku awiri okha chitumizire uthenga. Akale oterowo, mupempheni afufute yekha.

Koma ngati mauthengawo akukhudza ngongole, kuopsezedwa kapena mlandu, musafufute kanthu musanaonane ndi loya. Mungawononge umboni wanu womwe.