Ndalama zongodulidwa mwezi ndi mwezi: kuzipeza pa sitetimenti ndi kuziletsa

"Abale, malipiro anga akumatha msanga moti ndikukayikira kuti pali zinthu zomwe ndinalembetsa kale pa foni zomwe zikumandidula ndalama mu akaunti osadziwa. Ndapita kubanki ku Limbe andipatsa sitetimenti koma sindikuonapo chachilendo. Ndizipeza bwanji, nanga ndiziletsa bwanji?"

Achemwali, ngati mwatenga sitetimenti ya mwezi umodzi wokha, simungaonedi kanthu. Ndalama yodulidwa mobwerezabwereza imaonekera mukayalanitsa miyezi ingapo, chifukwa pa tsamba limodzi imangokhala ngati mzere wina uliwonse, pakati pa magetsi ndi zomwe munagula mushopu. Bwererani mukapemphe ya miyezi itatu yotsatizana, ndipo ngati mungathe tengani ya miyezi 13, chifukwa zina zimadula kamodzi pachaka. Musadalire kasitetimenti kakafupi ka pa ATM kapena ka pa foni, kamangoonetsa zochepa zomaliza. Funsani kaye mtengo musanawauze kuti asindikize, poti mabanki ambiri amalipiritsa pa tsamba, pomwe yotumizidwa pa imelo kapena yotsitsa pa apu ya banki nthawi zambiri imatchipa.

Chomwe chimasocheretsa anthu ambiri kuno ndi kufufuza nambala yofanana. Amayang'ana ngati pali K5,000 yomwe ikutuluka mwezi uliwonse, akaisowa n'kunena kuti palibe vuto. Koma zambiri zomwe timalembetsa pa foni mtengo wake uli m'madola, ndipo banki imasintha kukhala makwacha potengera mtengo wa dola pa nthawi yodulayo. Ndiye chinthu chimodzi chomwecho chimaoneka ndi nambala zosiyana. Zomwe sizisinthasintha ndi ziwiri: tsiku la mwezi ndi dzina lolembedwa pa mzerewo.

Ndikuuzeni zomwe zinandichitikira ine. Mu Seputembala 2023 ndinkafunsira ntchito, ndipo ankafuna masatifiketi onse mu fayilo imodzi. Ndili pa Ginnery Corner ndinatsitsa kaapu kojambulira mapepala, kanati masiku atatu ndi aulere koma ndiike khadi. Ndinaika, ndinajambula, ndinatumiza, madzulo omwewo ndinakachotsa mu foni n'kuiwalako. Panali pa 17. Pa 20 ulere unatha ndipo anayamba kudula madola 4.99 mwezi uliwonse. Mu Okutobala inali pafupifupi K5,900. Mu Novembala kwacha inagwa ndi 44 peresenti, dola kuchoka cha m'ma K1,180 kufika cha m'ma K1,700, ndiye chinthu chomwecho chinakwera kufika pafupifupi K8,500. Pofika Epulo 2024 chinali cha m'ma K8,700. Mauthenga a banki ndinkawaona ndithu, koma popeza nambala zinkasiyana ndinkangoganiza kuti ndi zogula zanga zomwe ndaiwala. Ndinadzazindikira kumayambiriro kwa Juni, atadula kasanu ndi kanayi, ndalama yopitirira K70,000, pa kaapu komwe ndinagwiritsa ntchito mphindi khumi. Ntchitonso sindinaipeze, koma imeneyo ndi nkhani ina.

Mmene ndinazigwirira ndi momwe inunso mungachitire. Yalani masamba a miyezi itatu patebulo, cholembera m'manja. Yambani ndi kufufuta zomwe mukuzidziwa bwino: ndalama zomwe munatapa pa ATM, zomwe munatumiza ku Airtel Money kapena Mpamba, lendi, madzi, magetsi. Zotsalazo zimakhala zochepa kwambiri kuposa mmene mumaganizira. Tsopano tengani mzere umodzi wa mwezi watha, muone tsiku lake, mupite pa tsiku lomwelo m'miyezi iwiri inayo. Mulolere kusiyana kwa masiku awiri kapena atatu, chifukwa zodulidwa Loweruka kapena Lamulungu kawirikawiri zimalembedwa Lolemba. Yanga ya pa 20 Januwale 2024, lomwe linali Loweruka, inalembedwa pa 22. Mukapeza dzina lomwelo katatu cha pa tsiku lomwelo, zungulizani. Yang'ananinso mzere wapansi pake, poti mabanki ena amalemba padera kandalama kolipirira kusintha kwacha kukhala dola, ndipo nakonso kamabwera mwezi uliwonse. Palinso zina zodula sabata iliyonse, makamaka timaapu ta zithunzi ndi masewero a ana. Zimenezo zimatalikirana masiku 7, ndipo ndi zomwe zimadya kwambiri chifukwa nambala yake imaoneka yaying'ono.

Dzina la pa sitetimenti nthawi zambiri si dzina la apu yomwe mukuidziwa. Zogulidwa pa iPhone zonse zimaoneka kuti `APPLE.COM/BILL`, osanena kuti ndi nyimbo, malo osungira zithunzi kapena apu. Za pa Android zimayamba ndi `GOOGLE *` kenako dzina la apu kapena la kampani yomwe inaipanga, mwina lodulidwa pakati. Zodutsa pa PayPal zimayamba ndi `PAYPAL *`. Mukakumana ndi dzina lachilendo, musathamangire kunena kuti akuba. Tsegulani imelo yanu, mufufuze mawu akuti `receipt`, `subscription`, `renewal` kapena `trial`, muone ngati pali lisiti la tsiku lomwelo. Ndipo ganizirani maimelo onse omwe munakhalapo nawo, ngakhale ija ya pa foni yakale yomwe munapatsa mng'ono wanu. Funsaninso kunyumba. Si zachilendo kupeza kuti khadi la mayi linaikidwa pa foni ya mwana tsiku lina polipira chinthu chimodzi, n'kutsalira momwemo.

Si zonse zobwerezabwereza zomwe mungaletse, komanso si zonse zofunika kuletsa. Ndalama yosungira akaunti yomwe banki imadula mwezi ndi mwezi imayendera mtundu wa akaunti yanu, ndiye njira yake ndi kufunsa ngati pali akaunti yotchipa. Kubweza ngongole ndi inshulansi ya maliro nazonso zimabwera pa tsiku limodzi. Ya inshulansiyo musaidule mopupuluma, chifukwa mukasiya kulipira polise imatha kufa ndipo zomwe munasonkha zaka zonsezo sizikuthandizaninso pa tsiku la zovuta. Pitani kaye mukafunse kuti polise yanu imati chiyani.

Tsopano kuletsa. Apa ndi pomwe ine ndinalakwitsa: kuchotsa apu mu foni sikuletsa kulipira. Mgwirizano uli pa akaunti yanu, osati mu foni, moti ngakhale foniyo itabedwa mu minibasi ya ku Ndirande, kudula kumapitirira. Muyenera kuletsa komwe munalembetsera. Pa Android tsegulani Play Store, dinani kachithunzi kanu pamwamba kudzanja lamanja, kenako:

```
Payments & subscriptions > Subscriptions > dzina la apu > Cancel subscription
```

Mukaona kuti mulibe kanthu, dinaninso kachithunziko musinthe akaunti, chifukwa akaunti iliyonse ya Google ili ndi mndandanda wakewake. Pa iPhone pitani ku `Settings`, dinani dzina lanu pamwamba, kenako `Subscriptions`. Ngati munalembetsa pa webusayiti ya kampaniyo mwachindunji, monga mmene ambiri amachitira ndi Netflix, simudzazipeza m'malo awiriwa. Lowani pa akaunti yanu ya kumeneko, mupeze mbali ya `Account` kapena `Billing`. Samalani ndi batani lolembedwa `Pause`, limangoimitsa kwa kanthawi kenako kudula kumayambiranso. Ena amakufunsani kawiri katatu, kukunyengererani ndi mtengo wotsika, ndipo mukatuluka pakatikati ndiye kuti simunaletse. Pitirizani mpaka muone uthenga wonena tsiku lomwe zidzathe, mujambule sikirini, musungenso imelo yotsimikizira. Nthawi zambiri mumapitiriza kugwiritsa ntchito mpaka mwezi womwe munalipira kale uthe, choncho palibe chifukwa chodikirira tsiku lomaliza.

Ngati ndi ndalama yomwe munauza banki yanu nokha kuti izitumiza kwinakwake mwezi uliwonse, imeneyo imaletsedwa kubanki komweko, kawirikawiri polemba kalata kapena kusayina fomu. Koma ngati munasayinira kampani kuti izidzitapira yokha mu akaunti, lemberani kampaniyo kaye, musunge kope lodindidwa, kenako mudziwitse banki. Mukangoletsa kubanki kokha, iwo amaona ngati mwasiya kulipira ndipo akhoza kukuwerengerani ngongole.

Ena mu gulu muno akuuzani kuti ingochotsani ndalama zonse mu akaunti tsiku lodula lisanafike. Ine njira imeneyo sindiikhulupirira. Akalephera kudula amayesanso patapita masiku angapo, ndipo amakupezani tsiku lomwe malipiro alowa. Kutseketsa khadi n'kutenga lina kumathandiza nthawi zambiri, koma khadi latsopano mulipira, zonse zomwe mumazifunadi muyenera kuzilembetsanso, komanso Visa ndi Mastercard ali ndi njira yomwe mabanki ena amadziwitsira makampani nambala ya khadi latsopano. Ndiye potseketsa nenani momveka kuti cholinga chanu ndi kuletsa kampani yakutiyakuti. Njira imeneyi ndi yoyenera pomwe dzina simukulidziwa, lisiti palibe, kunyumba aliyense akukana. Pamenepo musadikire, imbani kubanki lero lomwe atseke khadi, ndipo mukalembe fomu yotsutsa ndalamazo. Madandaulo otere ali ndi malire a nthawi, nthawi zambiri masiku 120, kotero zakale kwambiri sizibwera.

Za kubwezeredwa ndalama zomwe munalembetsa nokha, musayembekezere zambiri. Pa Google Play mwayi umakhalapo mukapempha pasanathe maola 48 chiduliredwe, kupitirira apo amakulozerani kwa eni apu. Pa iPhone mumapempha pa `reportaproblem.apple.com`. Ine ndinalembera eni kaapu kaja ndipo pa miyezi isanu ndi inayi sindinabwezeredwe ngakhale tambala. Komwe mumakhala ndi mphamvu zenizeni ndi pomwe akudulani mutaletsa kale, ndipo apo ndi pomwe chithunzi cha sikirini chija chimagwira ntchito kubanki.

Musaiwale kuti sitetimenti ya banki siona zonse. Ngati munagwiritsapo ntchito khadi lolumikizidwa ku Airtel Money kapena Mpamba pogula pa intaneti, pemphani sitetimenti ya kumenekonso muiyale chimodzimodzi. Zodya mayunitsi, monga nyimbo zomwe okuimbirani amamva ndi mauthenga a mpira, sizioneka pa sitetimenti ina iliyonse mwa izi. Zimenezo imbirani kampani yanu ya foni akuwerengereni zonse zomwe zili pa nambala yanu.

Mukaletsa, lembani pa kalendala tsiku lomwe ankadula, ndipo mwezi wamawa pa tsikulo ndi masiku atatu otsatira muone akaunti. Ngati pali mzere womwe wakuzunguzani, lembani pano mawu ake okha ndi tsiku, osaika nambala ya akaunti kapena ya khadi, tithandizane kuuwerenga.