Kiyibodi mu bandi ya magitala awiri

"Tatenga wa kiyibodi mu bandi yathu ya roko kuno ku Lusaka koma nyimbo zangodzaza phokoso, tichite bwanji?"

Achimwene, muuzeni achotse dzanja lamanzere kumunsi, kumeneko ndi kwa besi. Ogani ntchito yake kugwira makodi nthawi yaitali pomwe mawu a gitala amazima msanga, ndiye aziimba manotsi awiri kapena atatu basi, pamwamba pa gitala, makamaka pa kolasi. Sintesaiza ilowe pomwe gitala ya lidi yapuma, osati onse pamodzi. Ife ku Kabwata tinachita zomwezi, mpaka woimba anayamba kumveka bwino. Pa mikisa dinani LOW CUT, batani lodula mawu akumunsi, pa chanelo ya kiyibodi. Ngati masipika akulirabe "huuu" olo palibe akuimba, itanani katswiri wa saundi aone mawaya ndi magetsi, musatsegule ampu nokha.