Mwezi watha, kabuku kadzaza, ndiye nditani nako?

Wina wafunsa kuti: "Ndimalemba tsiku lililonse mmene ndikumvera ndi zomwe ndikuyamikira, koma mwezi ukatha ndimangowerenga osatolapo kanthu. Ndizidzifunsa mafunso otani, nanga ndiziwerenga bwanji?"

Nthawi zambiri vuto limayambira pa mafunsowo, chifukwa mukamangolemba kuti "lero zinali bho" ndiye kuti kumapeto kwa mwezi mulibe chofananitsa. Mafunso atatu akwana, bola muziyankha nthawi yomweyomweyo, tinene musanagone. Loyamba, lero mtima wanga unali pati, kuyambira 1 (zoipiratu) mpaka 5 (zabwino zedi)? Lachiwiri, chachitika ndi chani kuti nambala ikhale imeneyi? Chiganizo chimodzi basi. Lachitatu, ndikuyamikira chani lero ndipo chatheka chifukwa cha ndani kapena chani? Kachifukwa aka musakasiye, ngakhale mu kafukufuku wa katswiri wa zamaganizo Martin Seligman ndi anzake wa 2005 anthu ankalemba zabwino zitatu za tsikulo pamodzi ndi zomwe zachititsa. Zomangolemba kuti "banja langa" mwezi wonse ayi, lembani kuti "mchemwali wanga wandiimbira foni nditakhumudwa".

Tsono mwezi ukatha musayambe ndi kuwerenga ngati nthano, mutu umakonda kugwira tsiku lomwe zinavuta kwambiri ndi masiku omalizira, enawo umataya. Jambulani kalendala pa pepala limodzi, Lolemba pansi pa Lolemba linzake, muikemo manambala okhaokha kenako muzinge ma 1 ndi ma 2 onse.

Tiyerekeze mwapeza ma 2 asanu, ndipo anayi agwera Lolemba. Apa munthu umathamangira kunena kuti ndi ntchito ikundisowetsa mtendere, mwinadi ndi zoona, koma kaye werengani zomwe munalemba dzulo lake. Mukapeza kuti Lamulungu lililonse pali zoti "ndagona mochedwa, ndinali pa foni", nkhani yasintha, mwina ndi tulo. Pepalalo silingakuuzeni chenicheni pa ziwirizi, limangokulozerani poyesera, ndiye mwezi wamawa musinthe chinthu chimodzi chokha, muzigona msanga Lamulungu, muone ngati ma Lolemba akwera. Mukasintha zinthu zinayi pakamodzi simudziwa chomwe chathandiza.

Ma 4 ndi ma 5 muwachitenso chimodzimodzi, ndipo pa zoyamikira zija werengani dzina kapena chinthu chomwe chikubwerabwera.

Za avereji ine sindizikhulupirira kwenikweni, makamaka ngati pali masiku omwe munadumpha, poti ambirife timasiya kulemba ndendende pomwe zatithina, ndiye avereji imaoneka yokongola kuposa mwezi weniweniwo. Masiku odumphawo asiyeni opanda kanthu, osadzazamo zongoganizira, mungoona kuti agwera pati.

Koma mukaona ma 1 ndi ma 2 akutsatizana pafupifupi tsiku lililonse kwa masabata awiri, tulo kapena kudya kwasokonekera, zomwe mumakonda sizikukusangalatsaninso, musadikire kuti mwezi uthe. Pitani mukaonane ndi dokotala kapena mlangizi wa zamaganizo, ndipo kabukuko mukatenge kuti akaone pomwe zinayambira.