Kalata yopempha aphunzitsi a sayansi kuti aonenso malikisi

"Amalume ake, mphwanu wa Giredi 10 uja wapatsidwa 28 pa 50 pa mayeso a sayansi a pakati pa temu, ndipo akuti aphunzitsi amuchongera molakwika. Akufuna kuwalembera kalata, koma ine ndikuopa kuti amuona ngati wachipongwe. Zithunzi za pepalalo ndi izi. Alembe kapena angosiya?"

Mlongo wanga, zithunzi ndaziona zonse, ndipo yankho langa ndi lakuti alembe, koma asalembe zonse zimene zili mumtima mwake. Pa pepalali ndapezapo malo atatu amene iye wawadandaula, ndipo awiri okha ndiwo ali ndi maziko.

Choyamba n'chapafupi, chifukwa n'kuwonkhetsa chabe. Pansi pa tsamba lililonse aphunzitsi analemba malikisi a tsambalo ndi cholembera chofiira: 9, 8, 11 ndi 6. Zitatu zoyambazo zikupanga 28, kutanthauza kuti tsamba lotsiriza analichonga ndithu koma analidumpha powonkhetsa. Chiwerengero choona ndi 34. Zoterezi zimachitika kawirikawiri munthu akamachonga mapepala a makalasi angapo usiku magetsi atazima, ndipo mphunzitsi wanzeru sakwiya akasonyezedwa, popeza palibe chimene chikutsutsidwa pa nzeru zake.

Chachiwiri ndicho chifunika kuti tichimvetse bwino, pakuti mwana akachifotokoza mosokoneza, adzaoneka ngati akungolimbana ndi aphunzitsi. Funso lachinayi likunena za mwala wa magalamu 54 umene unaponyedwa m'silinda yoyezera, madzi n'kukwera kuchoka pa 50 cm³ kufika pa 70 cm³, ndipo likufuna densiti ya mwalawo, ndiko kuti kuchuluka kwa magalamu m'kachigawo kalikonse ka malo amene mwalawo watenga. Malo amene mwala watenga ndi kusiyana kwa manambala awiri aja, 20 cm³, ndipo mukagawa 54 ndi 20 mupeza 2.7 g/cm³. Mosakayika limeneli ndilo yankho lili pa pepala la mayankho limene aphunzitsi anali kutsatira. Mphwanga anadzera njira yaitali. Anasintha magalamu aja kukhala 0.054 kg, anasintha 20 cm³ kukhala 0.00002 m³, ndipo atagawa anapeza 2700 kg/m³. Aphunzitsi anaona nambala yosiyana ndi imene amayembekezera, n'kumupatsa malikisi amodzi okha mwa atatu, a pochotsera 50 pa 70 paja. Koma 1 g/cm³ ndi chimodzimodzi 1000 kg/m³, ndiye chifukwa chake densiti ya madzi m'mabuku ena imalembedwa 1 ndipo m'mabuku ena 1000. Motero 2.7 ndi 2700 pano ndi yankho limodzi, kungoti miyezo yake ndi yosiyana.

Apa pali chenjezo limene ndalifufuza mosamala pa chithunzi chija. Funso likadalamula kuti yankho liperekedwe mu g/cm³, mwanayu akadakhala wolakwa ngakhale masamu ake ali olondola, chifukwa kusatsatira malangizo a funso kumachotsetsa malikisi. Ine sindikuona lamulo lotero pa funsoli, koma awerengenso malangizo a pamwamba pa tsamba loyamba, amene pa chithunzi chanu adulidwa pang'ono, asanalembe chilichonse.

Chachitatu achisiye. Pa funso la wothamanga mamita 100 m'masekondi 20 analemba 5 yekha, osaonjezera m/s, ndipo akuti aphunzitsi akanadziwa zimene amatanthauza. Ayi. Mu sayansi nambala yopanda muyezo wake si yankho lathunthu, ndipo malikisi amenewo anachotsedwa moyenera. Akaika dandaulo limeneli m'kalata adzafooketsa ziwiri zamphamvu zija, chifukwa aphunzitsi adzayamba ndi kuyankha chofookacho, n'kumuona ngati mwana wongopemphetsa malikisi.

Kalatayo adzailemba m'Chingerezi monga mwa mwambo wa kusukulu, pa pepala loyera, ataika tsiku, dzina lake ndi kalasi yake pamwamba, koma mfundo zake zikhale motere:

"Okondedwa aphunzitsi, ndikuthokoza chifukwa chotibwezera mapepala a mayeso a sayansi a pakati pa temu. Nditawerenganso pepala langa, ndapeza malo awiri amene ndikupempha mwaulemu kuti muwaonenso. Poyamba, malikisi a masamba anayi ndi 9, 8, 11 ndi 6, amene ndikawonkhetsa ndikupeza 34, pamene pamwamba palembedwa 28. Kachiwiri, pa funso lachinayi ndinayankha 2700 kg/m³, ndipo monga ndikumvera, limeneli ndi lofanana ndi 2.7 g/cm³, popeza 1 g/cm³ ndi 1000 kg/m³, komanso funso silinatchule muyezo woti tigwiritse ntchito. Njira imene ndinatsata ikuoneka pa tsamba lachiwiri. Ngati pali pamene ndalakwitsa, ndidzakondwa mukandionetsa kuti ndisadzabwerezenso pa mayeso otsiriza. Pepala langa ndaphatikiza ndi kalatayi monga momwe munandibwezera. Ine wophunzira wanu."

Muone kuti m'kalatamo mulibe mawu akuti aphunzitsi alakwitsa, ndiponso mulibe nambala ya malikisi imene iye akufuna pa funso lachinayi. Pa kuwonkhetsa angathe kutchula 34 mosaopa, chifukwa aliyense angawerenge yekha, koma pa funso lija agamule ndi aphunzitsi ngati abweza malikisi onse awiri kapena amodzi. Asatchulenso mnzake amene akuti analemba zofanana n'kupatsidwa zambiri, chifukwa zimenezo zimaika mnzakeyo pa mavuto, ndiponso zimamveka ngati akuneneza aphunzitsi za tsankho, nkhani imene ndi yolemera kwambiri kuposa malikisi awiri.

Chimene ndikupempha kwambiri n'chakuti asakhudze pepalalo ndi cholembera, ngakhale kuika kadontho kapena kukonza nambala yosaoneka bwino. Aphunzitsi akangoona inki yosiyana kapena pofufutidwa, adzaganiza kuti yankho lasinthidwa kunyumba, ndipo pamenepo nkhani idzasanduka ya kubera mayeso. Zithunzi mwajambulazi muzisunge mufoni, chifukwa pepala lenileni lidzapita ndi kalata. Adziwenso kuti wopempha kuti pepala lionedwenso amatsegula pepala lonse, ndipo ngati pena anapatsidwa malikisi osayenera, aphunzitsi ali ndi ufulu wowachotsa.

Aipereke sabata lomwe lino, malikisi asanalowetsedwe m'kaundula wa kalasi ndi pa lipoti la temu, pakuti akalembedwa kumeneko kusintha kumafuna anthu ambiri. Aipereke yekha m'manja mwa aphunzitsi a phunzirolo pa nthawi yopuma, osati pamaso pa kalasi. Inu musapiteko panopa, ndipo asathamangire kwa ahedi. Pakapita sabata popanda yankho akumbutse mwaulemu kamodzi, ndipo zikakanikabe ndiye apite kwa mkulu wa dipatimenti ya sayansi, amene ali ndi udindo woona momwe aphunzitsi a m'gulu lake akuchongera. Zonsezi n'zotheka chifukwa awa ndi mayeso a pasukulu, amene pepala limabwerera kwa mwana. A Giredi 12 a bungwe la Examinations Council of Zambia amachongedwa kwina ndipo mapepala sabwezedwa, choncho azolowere kuyankha m'muyezo umene funso laperekamo manambala ake. Akamaliza kulemba, munditumizire chithunzi cha kalatayo ndi cha pamwamba pa tsamba loyamba lija ndizione asanapite nazo kusukulu.