Yankho loona koma lolakwa pa mayeso a bayoloje

"Anzanga ndithandizeni. Pa mafunso a bayoloje osankha A, B, C, D aja ndimasankha mfundo imene ili m'buku ndithu, koma pepala likamabwera ndimapeza andilakwitsa. Vuto lili pati?"

Aaa achimwene, mwandikumbutsa zowawa. Ine linandigwetsa ndi funso la maventiriko, zipinda ziwiri za pansi za mtima, mpaka pano ndikhoza kulilakatula. Linati: n'chifukwa chiyani khoma la ventiriko ya kumanzere ndi lokhuthala kuposa la ventiriko ya kumanja? Mayankho ake, A, imanyamula magazi a okosijeni wambiri. B, imapopa magazi ambiri kuposa inzakeyo. C, imakankha magazi mwamphamvu kuti afike thupi lonse. D, imalandira magazi kuchokera m'chipinda cha pamwamba cha kumanzere. Nditangoona A mtima unakhala m'malo, ndinati izi ndiye ndinawerenga usiku, chonga, n'kupita pa funso lotsatira.

Tsiku lobweza mapepala aphunzitsi anayamba ndi langa. Analikweza m'mwamba, cholembera chofiira chili kukhutu, n'kuwerenga yankho langa mokweza kalasi yonse ikumva. Ine ndinaimirira buku lili m'manja, chala chili pa mzere womwe walemba kuti mbali ya kumanzere imanyamula magazi a okosijeni, mawu akunjenjemera. Iwo anangoti, "Zoona zimenezo, koma wakufunsa ndani?" Kalasi yonse inafa ndi phwete. Ndinakhala pansi makutu akutentha. Chimene chimandinyansa mpaka lero n'choti munthu yemweyo ndi amene ankatiuza teremu yonse kuti "chotsani zabodza, chotsalacho ndiye yankho." Sanatiuzepo kuti pakhoza kutsala zoona zitatu! Ndipo sanafotokoze n'komwe, anangoseka n'kutenga pepala la wina. Anadzandimasulira ndi mnzanga titatuluka.

Taonani bwino mayankho aja. Labodza ndi limodzi lokha, B, chifukwa maventiriko awiriwa amapopa magazi ofanana kuchuluka kwake, kupanda kutero magazi akanaunjikana mbali imodzi. A ndi woona, D ndi woona, C ndi woona. Koma A akuyankha funso lakuti "ventiriko ya kumanzere imanyamula magazi otani?" D akuyankha lakuti "magazi ake amachokera kuti?" Amene akuyankha "chifukwa chiyani khoma ndi lokhuthala" ndi C yekha. Ya kumanja imangokankhira magazi kumapapo, pafupi pomwepa, ndi mphamvu ya pafupifupi 25 mmHg. Ya kumanzere imakankhira mpaka kuzala za kumapazi, ndi mphamvu yofika cha m'ma 120 mmHg. Ntchito yolemera imafuna mnofu wambiri, basi.

Njira imene mnzanga uja anandipatsa ndi iyi. Tengani funso ndi yankho mwasankhalo, muzilumikize ndi mawu oti "chifukwa", kenako mufufuze ngati pali malo ena m'thupi pomwe chifukwacho chilipo koma zotsatira zake palibe. "Khoma ndi lokhuthala chifukwa muli magazi a okosijeni." Chabwino. Nanga chipinda cha pamwamba cha kumanzere chija, si magazi omwewo a okosijeni ali mmenemo? Khoma lake bwanji ndi lopyapyala? Pamenepo A wagwa. Okosijeni sakhuthalitsa khoma, zangopezeka kuti zinthu ziwirizi zili mbali imodzi ya mtima.

Olemba mafunso amachita dala zimenezi. Akudziwa kuti yankho labodza loonekeratu silikola munthu amene anawerenga, ndiye amatenga chiganizo cha pa tsamba lomwelo la m'buku, chokhala ndi mawu omwe ali mu funso, kuti diso lanu lichizindikire msanga. Amakonda kusinthanitsa "kuti", "motani" ndi "chifukwa chiyani", kapena komwe chinthu chimapangidwa, komwe chimasungidwa ndi komwe chimagwira ntchito. Ndulu ndi chitsanzo chabwino. Imapangidwa m'chiwindi, imasungidwa m'kathumba ka ndulu, imakagwira ntchito kumayambiriro kwa matumbo aang'ono. Malo onse atatu adzawaika pa mayankho, ndipo onse ndi okhudza ndulu. Chosiyanitsa ndi mneni mmodzi wa mu funsomo.

Ndiye phimbani mayankho ndi dzanja, werengani funso lokha, dulani mzere pansi pa mawu ofunsirawo, muyankhe mumtima musanasuzumire. Koma musachite kukokomeza mpaka kukayikira chilichonse choona, ayi. Mafunso ambiri ndi achindunji, ndipo mukayamba kusaka msampha paliponse nthawi ikutherani muli pakati. Zochotsa zabodza zija muzichitabe poyamba, zimathandiza, ngakhale zikundiwawa kuvomereza kuti bambo aja ananenako zoona. Kungoti mukaona kuti patsala mayankho awiri ndipo onse mukuwakumbukira m'buku, bwererani pa funso.