Mthunzi wa kuseri kwa khutu pa chithunzi cha pasipoti

"Achimwene, ndili ndi kashopu kojambula zithunzi za mapasipoti ndi maviza. Ndinagula nsalu yoyera, koma kuseri kwa mutu kumabwerabe mthunzi, ndipo nsaluyo imatuluka yotuwa. Ndigule ina?"

Achemwali, ndalama yanu sungani. Nsaluyo ilibe mlandu. Ndikuganiza kuti munthu mumamukhazika motsamira khoma, ngati mmene ndinkachitira ine ndikuyamba kumene, mpaka kasitomala wina anandibwezera zithunzi zinayi zili ndi chikhutu chachiwiri chakuda pambali.

Kokani mpando uchoke pansalu ndi mita imodzi, kapena theka la mita ngati chipinda ndi chopanikiza. Inuyo muime mita imodzi ndi theka kuchokera pa munthuyo. Kenako onani komwe kuwala kukuchokera. Mthunzi umathawira mbali yosiyana ndi nyale: nyale ikakhala kumanzere, iwo umagwa kumanja, ikakhala pamwamba pang'ono pa mutu, umatsikira kuseri kwa mapewa kumene kamera siuona. N'chifukwa chake kuimika kamera chamtali mukugwiritsa fulashi yake yomwe kumawononga zinthu, poti fulashiyo imapita pambali pa diso la kamera. Igwireni chopingasa kuti fulashi ikhale pamwamba, chithunzicho mudzachidula pakompyuta.

Kunena zoona ine fulashi yaing'onoyo sindiikonda. Magetsi akathima ndimatulutsa mpando pakhonde, pamthunzi, munthu n'kuyang'ana kunja komwe kukuwala. Kuwala kotere kumabwera kofewa, mthunzi wake suoneka n'komwe. Pansi pa mtengo pokha ayi, masamba amasiya mawangamawanga pankhope ndi pansalu pomwe.

Za kutuwako zili pawiri. Kamera ikaona zoyera zambiri imadzichepetsera yokha kuwala, ndiye pezani batani lolembedwa +/- mukweze kufika pa +1, muone ngati chipumi sichikupsa. Chinanso, mukasuntha munthu kubwera kutsogolo, nsalu imatsala kumdima. Ikani babu pansi, kuseri kwa mpando, loloza nsalu, thupi la munthuyo lilibise. Babu limeneli likhale la mtundu umodzi ndi mababu ena a m'chipindamo. Mukasakaniza loyera ndi lachikasu, nsalu idzatuluka mitundu iwiri.

Musanajambule aliyense, jambulani nsalu yokha muikuze pafoni kapena pakompyuta. Ngodya zonse zinayi zifanane ndi pakati. Mukaona mizere, amenewo ndi makwinya: isiteni, muikoke ndi mapegi mbali zonse, ndipo poisunga muziikulunga pa paipi m'malo moipinda. Choposa nsalu ndi pulayiwudi yopaka penti yosanyezimira, chifukwa yonyezimira imabweza kuwala ngati galasi.

Muzifunsanso kasitomala komwe chithunzi chikupita. Viza ya ku Amereka imafuna kumbuyo koyera, chithunzi cha mamilimita 51 mbali zonse, pomwe chosindikiza cha pasipoti ya ku Britain ndi 35 m'lifupi, 45 m'litali, kumbuyo kotuwa pang'ono kapena kwa kirimu. Pulayiwudi yanga ndinaipaka mbali zonse ziwiri, kwina koyera kwina kotuwa, ndimangoitembenuza.